Intaneti Imafooka Madzulo Okha: Vuto Ndi Foni Kapena Netiweki?

Kwa amisiri okonza mafoni, kaya pa msika wa Limbe, wa Lilongwe kapena wa Mzuzu, kumafika dandaulo lina lofanana pafupifupi tsiku lililonse. Munthu amanena kuti m'mawa foni yake imathamanga bwinobwino, koma ikangokwana 6 koloko madzulo chithunzi cha pa WhatsApp chimangozungulira, kanema amadukaduka, uthenga umakhala ndi kawotchi kwa mphindi zingapo usanapite. Timizere ta netiweki timaoneka todzaza, bandulo ilipo, ndiye iye amagamula kuti foni yatha. Ena amalipira kuti iwafulashidwe, nataya zithunzi ndi manambala a abale awo. Ena amagula ina, n'kupeza kuti nayonso ikufooka nthawi yomweyo.

Chofunika kugwiritsitsa ndi chakuti foni yowonongeka siidziwa nthawi. Mlongoti wa m'kati mwa foni ukathyoka, umavuta m'mawa, masana ndi usiku womwe. Vuto lobwera pa ola lake n'kuchoka pa ola lake limachokera ku chinthu chimene chimasintha ndi nthawi, ndipo kawirikawiri chinthucho ndi kuchuluka kwa anthu amene akugwiritsa ntchito nsanja imodzi ndi inu. Komabe pali zinthu zingapo m'foni momwemo zimene zimatsatira wotchi, choncho ndi bwino kuyesa musanagamule. Mayeso ake safuna katswiri. Amafuna foni yanu, foni ya mnansi, ndi pepala lolembapo.

Zimene zimachitika pa nsanja

Foni yanu ikamalowa pa intaneti imalankhula ndi nsanja ya netiweki imene ili pafupi. Nsanja zambiri zili ndi milongoti yoyang'ana mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse ili ndi mulingo wake wa data imene ingathe kutumiza pa sekondi imodzi. Mulingo umenewu si wa munthu mmodzi. Onse amene ali mbali imeneyo, pa kampani yomweyo, amagawana. Pa 4G makina a pa nsanja amagawa mpata umenewu ka 1,000 pa sekondi iliyonse, uyu pang'ono, uyo pang'ono, mofulumira kwambiri moti anthu akakhala ochepa aliyense amaona ngati ali yekha.

Zili ngati pa mjigo wa m'mudzi. Masana mumafika n'kudzaza ndowa nthawi yomweyo, koma madzulo mumapeza mzere wa ndowa makumi atatu. Mjigo ndi womwewo, madzi akutuluka chimodzimodzi, ndowa yanu siinabooke, koma mudikira.

Tiyerekeze ndi manambala. Liwiro la intaneti limayezedwa mu Mbps, ndipo 8 Mbps ndiye kuti MB imodzi ya data ikulowa pa sekondi. Tinene kuti mbali imodzi ya nsanja ikutha kupereka 40 Mbps yonse pamodzi. M'bandakucha anthu anayi okha akamakoka zinthu, aliyense apeza 10 Mbps, ndipo kakanema ka 5 MB kalowa m'masekondi anayi. Madzulo anthu 80 akamakoka nthawi imodzi, aliyense atsala ndi theka la Mbps, ndipo kakanema komweko katenga masekondi 80. Kanema wa pa YouTube wooneka bwino, wa 720p, amafuna pafupifupi 2.5 Mbps, ndiye pa theka la Mbps sangayende osaduka.

Nthawi ya mpanipani imatengera dera. M'malo okhala anthu ambiri monga Ndirande, Chilinde kapena Chibavi, anthu amabwerera kunyumba madzulo, ndipo kuyambira cha m'ma 6 koloko mpaka 10 koloko usiku ambiri amakhala pa foni. Pakati pa tauni, pamene pali maofesi, masitolo ndi madepoti, zimathina masana, makamaka nthawi ya nkhomaliro. Pa malo a malonda a kumudzi, tsiku la msika ndilo limavuta. Pafupi ndi bwalo la mpira ndi tsiku la masewero, pafupi ndi koleji ndi nthawi imene ophunzira atsegulira.

Magetsi nawonso amalowererapo. Akazima, nsanja zimadalira mabatire kapena majenereta. Nsanja ina ikalephera, mafoni onse amene inkawatumikira amathamangira ku nsanja zoyandikana, zimene zimalemedwa mwadzidzidzi. Ngati kufooka kwa intaneti yanu kumatsatira nthawi zimene magetsi amazima m'dera lanu, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu kuti vuto lili kunja kwa foni.

Timizere todzaza sitinena za liwiro

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi timizere tija ta pamwamba pa foni. Timizereto timangokuuzani kuti foni ikuimva nsanja mwamphamvu bwanji. Sitinena kuti pa nsanjapo pali anthu angati. Mutha kuima m'munsi mwa nsanja, timizere tonse titadzaza, koma intaneti n'kumakwawa chifukwa mpata watha.

Pali nambala yodalirika kuposa timizere. Pa mafoni ambiri a Android, monga itel, Tecno kapena Samsung, lowani mu Settings, kenako About phone, n'kupeza SIM status, pamene ena amapaika m'kati mwa Status. Pamenepo pali Signal strength, nambala yoyamba ndi kamzere kochotsera, yotsatiridwa ndi dBm. Mafoni ena amaonetsa zomwezo mukalemba manambala otsatirawa pamalo poimbira. Oyamba ndi a Android wamba, achiwiri a Samsung, achitatu a iPhone, ndipo si foni iliyonse imene imawalola.

```
*#*#4636#*#*
*#0011#
*3001#12345#*
```

Mukalowamo ingowerengani, musasinthe kalikonse. Pa 4G, nambala ya pafupi ndi -80 ndi yabwino kwambiri, -95 ndi yabwino ndithu, -105 yayamba kufooka, ndipo -115 ndi yofooka kwambiri. Nambala ikamayandikira ziro ndiye kuti mphamvu ikukula. Phindu lake ndi ili: pa 4G mpanipani sumasintha kwenikweni nambala imeneyi. Ngati m'mawa ndi madzulo imakhala pafupifupi yofanana koma liwiro latsika kwambiri, foni ikumva bwino, koma nsanja ndiyo yadzaza.

Yang'ananinso chilembo chimene chili pambali pa timizere. 4G kapena LTE ndi netiweki yothamanga, H kapena H+ ndi 3G, pamene E ndi 2G, imene liwiro lake silifika ndi theka lomwe la Mbps. Foni ikagwera pa E, intaneti idzakwawa ngakhale pa nsanja palibe munthu wina.

Mayeso anayi, kusintha chinthu chimodzi nthawi iliyonse

Lamulo la mayeso ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale momwemo. Anthu ambiri amalakwitsa poyerekeza liwiro la masana ali ku ntchito m'tauni ndi la madzulo ali kunyumba. Apa zasintha ziwiri, nthawi ndi malo. Mwina kunyumbako netiweki ndi yofooka maola onse, kungoti inu mumakhalako madzulo okha.

Choncho mayeso oyamba ndi a nthawi. Sankhani malo amodzi m'nyumba, mwachitsanzo pafupi ndi zenera la pabalaza. Yezani liwiro pamenepo 5 koloko m'mawa, kenako nthawi imene imavutayo, kwa masiku awiri kapena atatu. Mutha kuyeza ndi pulogalamu ya Speedtest kapena potsegula fast.com. Lembani nthawi, chilembo cha netiweki, nambala ya dBm, liwiro, ndi nambala ina yotchedwa ping kapena latency, imene imanena kuti uthenga watenga nthawi yaitali bwanji kupita ndi kubwerera. Pa 4G yopanda mpanipani nambalayi imakhala makumi angapo a ms, koma nsanja ikadzaza imadumphadumpha mpaka mazana. Dziwani kuti kuyeza kumadya data, ndipo liwiro likakhala lalikulu kumadya yambiri, mwina ma MB makumi angapo pa ulendo umodzi. Bandulo ikakhala yaing'ono, ingotsegulani tsamba limodzi lomwelo nthawi zonse, kapena tumizani chithunzi chimodzi chomwecho, n'kuwerenga masekondi.

Mayeso achiwiri ndi a foni. Pa ola lovutalo, pemphani mnansi kapena wachibale amene ali pa kampani yomweyo kuti aime pambali panu. Onetsetsani kuti mafoni onse ali pa 4G, ndipo yezani motsatizana, osati nthawi imodzi. Onse akafooka, foni yanu ilibe mlandu. Ngati yake ikuthamanga yanu ikukwawa, sinthanani masimukhadi. Vuto likasamuka ndi simukhadi yanu kupita m'foni yake, ndiye kuti nkhani ili pa simukhadi kapena pa bandulo. Likatsala m'foni yanu, foniyo ndiyo yoti muifufuze.

Mayeso achitatu ndi a kampani. Mafoni ambiri kuno amalowa masimukhadi awiri, ndipo anthu ambiri ali ndi ya Airtel ndi ya TNM pamodzi. Pa ola lovutalo, sinthirani data ku simukhadi inayo. Foni yomweyo ikathamanga pa kampani inayo, mwatsimikiza kuti mlongoti ndi makina ake ali bwino. Samalani ndi mafoni ena akale, amene amapereka 4G ku malo amodzi okha a simukhadi; pa oterewa ikani simukhadi yoyesayo pa malo omwewo pamene panali yoyamba. Wi-Fi ya ku ntchito kapena ya mnansi imathandizanso, koma imangotsimikiza kuti mapulogalamu a foni ali bwino, chifukwa njira imene foni imalandirira Wi-Fi ndi yosiyana ndi ya netiweki ya simukhadi.

Mayeso achinayi ndi a malo. Pa ola lomwelo pitani kilomita imodzi kapena awiri, kudera la anthu ochepa. Foni ikalumikizana ndi nsanja ina n'kuyamba kuthamanga, mwapeza kuti mpanipani uli pa nsanja ya kwanu. Ikafookabe kulikonse m'tauni pa ola lomwelo, ndipo anzanu a kampani yomweyo akudandaula chimodzimodzi, kuthinako kuli patsogolo pa nsanja, mu njira zimene zimanyamula data kuchoka ku nsanja kupita ku likulu la kampani, kapena kutuluka m'dziko. Malawi alibe gombe la nyanja ya mchere, choncho intaneti yake imadutsa m'mawaya a m'maiko oyandikana nawo, monga Mozambique ndi Tanzania, kuti ikafike ku mawaya a pansi pa nyanja. Njira imodzi ikaduka, zotsalazo zimalemedwa, ndipo kulemedwako kumamveka kwambiri pa maola a anthu ambiri.

Chitsanzo chathunthu

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika amene amatumiza zithunzi za zovala kwa makasitomala ake pa WhatsApp madzulo alionse. Manambalawa ndi ongofanizira, koma umu ndi mmene pepala la munthu wotere limaonekera.

Lachiwiri 5 koloko m'mawa, ali pa zenera, foni ikuonetsa 4G, mphamvu -92 dBm, liwiro 14 Mbps, ping 45 ms. Madzulo 7:30, pa zenera lomwelo, 4G ikadalipo, mphamvu -93 dBm, koma liwiro ndi 0.6 Mbps ndipo ping yafika 380 ms. Lachitatu zabwerezanso chimodzimodzi. Mphamvu siinasinthe, liwiro lokha ndilo lagwa. Mchemwali wawo, amene ali pa kampani yomweyo ndi foni ya mtundu wina, wapeza 0.8 Mbps pa zenera lomwelo. Atasinthira ku simukhadi ya kampani ina, foni ya mayiwa yapereka 6 Mbps. Umboni wonse ukuloza kumodzi. Foni ili bwino, ndipo ndalama ya kwa mmisiri ikanangowonongeka.

Tsopano tisinthe nambala imodzi. Tinene kuti foni ya mchemwali yapeza 9 Mbps pa nthawi imene ya mayiwa ili pa 0.6, ndipo atasinthana masimukhadi vuto latsala m'foni ya mayiwa. Apa nsanja ilibe mlandu, ndipo funso likhale lakuti: kodi n'chiyani chimachitika m'foni imeneyi madzulo okha?

Za m'foni zimene zimatsatira wotchi

Choyamba ndi batire. Foni imene inatchajidwa m'mawa imafika madzulo moto utatsala pang'ono, ndipo zambiri zimayatsa zokha Battery Saver kapena Power saving. Ikayaka, foni imachepetsa mphamvu ya makina ake, n'kuletsa mapulogalamu kukoka zinthu akakhala osatsegulidwa, moti mauthenga amachedwa kufika. Tchajani foni, zimitsani zimenezi, muyesenso pa ola lomwelo.

Chachiwiri ndi kutentha. Foni ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isawonongeke. Izi zimachitika masana a mwezi wa Okutobala, foni ikakhala padzuwa pa benchi ya malonda kapena pa galasi la minibasi, komanso munthu akamaonera kanema foni ili pa tchaja. Ngati yatentha m'manja, ichotseni m'chikwama chake, ikani pamthunzi kwa mphindi khumi, muyesenso.

Chachitatu ndi anthu a m'nyumba momwemo. Ngati Hotspot imakhala yoyatsa, ana akaweruka kusukulu mafoni awo amalumikizana okha, ndipo data imene mukuganiza kuti ndi yanu nokha ikugawidwa panayi. Onaninso mu Settings, pa Data usage, kuti ndi pulogalamu iti imene ikudya kwambiri. Nthawi zina Play Store ikukoka zatsopano, kapena Google Photos ikukweza zithunzi zonse zimene munajambula tsikulo.

Chachinayi si cha foni kwenikweni koma cha bandulo. Pali mabandulo a usiku okha, a WhatsApp kapena Facebook yokha, ndi ena amene amatsitsa liwiro mukapyola mulingo wina wa data. Ngati mulingowo mumaufika chakumadzulo tsiku lililonse, kufookako kudzaoneka ngati mpanipani. Chizindikiro chake ndi chija chakuti vuto limasamuka ndi simukhadi. Werengani malamulo a bandulo imene mumagula.

Kuwonongeka kwenikweni kwa foni kumaoneka mosiyana ndi zonsezi. Kumayamba foni itagwa, italowa madzi, kapena itatsegulidwa posintha galasi. Nambala ya dBm imakhala yoipa ndi 10 kapena kuposerapo poyerekeza ndi foni ina pamalo omwewo ndi netiweki yomweyo, ndipo zimakhala choncho maola onse. Netiweki imathawa mukangoigwira mwina mwake, kapena imalemba No SIM mwa apo ndi apo. Foni yotereyi ndiyo yoyenera kupita kwa mmisiri, ndipo mumuuze kuti aone mlongoti ndi malo a simukhadi, osati kuifulasha. Pali chosokoneza chimodzi: foni ya mlongoti wofooka imavutika kwambiri nthawi ya mpanipani kuposa zinzake, choncho vuto lake limaonekera madzulo. Nambala ya dBm ndiyo imaulula zimenezi, chifukwa imakhala yotsika ngakhale m'mawa.

Komanso ngati foni ikuchedwa kutsegula zithunzi zimene zili kale m'kati mwake, vuto si intaneti, koma yadzaza. Ngati pulogalamu imodzi yokha ndiyo ikuvuta pamene zina zonse zikuyenda, vuto lili pa pulogalamuyo kapena kwa eni ake.

Mukapeza kuti ndi mpanipani

Palibe chimene mungachite m'foni kuti nsanja ikule. Mapulogalamu olonjeza kuwonjezera liwiro ndi timapepala tomata kumbuyo kwa foni sizithandiza. Koma pali zochepetsa vutolo.

Kusendera pa zenera kapena kutuluka pakhonde kumathandiza ngakhale pa mpanipani. Denga la malata ndi makoma a njerwa zimafooketsa mphamvu, ndipo foni imene ikumva bwino imanyamula data yambiri m'kampata komweko kamene nsanja yaipatsa. Kuyatsa Airplane mode kwa masekondi khumi n'kuzimitsa kumachititsa foni kufunafuna netiweki mwatsopano, ndipo nthawi zina imagwira nsanja yopepuka. Kusinthira ku 3G pa Preferred network type kumathandiza m'malo ena pamene anthu ambiri aunjikana pa 4G, koma si paliponse, ndipo kumbukirani kubwezera. Zinthu zazikulu, monga mabuku a sukulu, makanema ndi kukonzanso mapulogalamu, zikokeni m'bandakucha. Kanema wa madzulo mutsitseni kufika pa 360p, amene amayenda ndi liwiro losakwana 1 Mbps. Ngati malonda anu amadalira maola amenewo, gulani kabandulo kakang'ono ka kampani imene mwaiyesa n'kupeza kuti ndi yopepuka kwanuko, pokumbukira kuti imene ili bwino ku dera lina siingakhale yomweyo kwanu.

Pepala lija musalitaye. Makampani amatha kuwonjezera mulingo wa nsanja, kukonza kumene milongoti yaloza kapena kumanga nsanja ina, ndipo dandaulo lokhala ndi tsatanetsatane ndi losavuta kulitsatira kuposa longoti netiweki ikuvuta. Auzeni dera lenileni ndi chizindikiro cha pafupi monga sukulu kapena tchalitchi, maola amene vuto limabwera, masiku amene munayesa, chilembo cha netiweki, nambala ya dBm ndi liwiro, komanso kuti mwayesa mafoni awiri. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, ndipo limbikitsani anansi amene akuvutika chimodzimodzi kuti nawonso akanene. Kampani ikapanda kuchitapo kanthu, nkhaniyo mutha kukaitula ku MACRA, bungwe loyang'anira ntchito za mauthenga m'dziko muno, mutanyamula nambala ya dandauloyo ndi zonse zimene munalemba.